Mwana Amaphunzira kwa Amene Akumuyankha

Pamzere wa kusikelo, m'minibasi, m'tchalitchi ngakhale pamaliro, katontholedwe ka mwana kasintha. Kale mwana akayamba kuvuta, mayi ankamuika kumsana, kumuyimbira kapena kumuyendayenda naye panja. Masiku ano dzanja limalowa m'chikwama, foni imatuluka, katuni imayamba, mwana n'kungoti zii. Mayi wotereyu sitingamuweruze. Nsima ili pamoto, zovala zili m'beseni, ogula akudikira pabenchi, ndipo foni imathetsa phokoso nthawi yomweyo. Makolo ambiri alinso ndi chifukwa china chimene amachikhulupirira ndi mtima wonse: amati makatuni akumuphunzitsa mwana Chingerezi, manambala ndi mitundu ya zinthu, kotero akadzayamba sukulu adzakhala ali patsogolo pa anzake.

Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka zitatu, chikhulupiriro chimenechi chili ndi vuto. Pamsinkhu umenewu mwana amaphunzira kwambiri kuchokera kwa munthu amene akumuona, akumudikira ndiponso akumuyankha. Kanema amalankhula ndi kuyimba bwino, koma sadziwa kuti mwana akuyang'ana chiyani, ndipo mwana akanena kanthu, iye amangopitiriza zake. Ola limene mwana wakhala duu kuyang'ana foni ndi ola limene palibe amene wamuyankha.

Zimene ofufuza anapeza

M'chaka cha 2003, Patricia Kuhl ndi anzake a pa yunivesite ya Washington ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wina wosavuta kumumvetsa. Anatenga makanda a miyezi 9 ochokera m'mabanja olankhula Chingerezi chokha. Gulu lina linkakumana ndi anthu olankhula Chitchaina cha Mandarini, amene ankasewera nawo ndi zidole ndi kuwawerengera mabuku. Anakumana ka 12 m'milungu inayi, ulendo uliwonse pafupifupi mphindi 25. Gulu lina linkaonera anthu omwewo akulankhula pa kanema. Atayesedwa, ana amene anacheza ndi anthu maso ndi maso ankatha kusiyanitsa kamvekedwe ka mawu ena a Chitchaina kamene m'Chingerezi mulibe, mofanana ndi ana okulira ku Taiwan. Ana oonera kanema aja ankayang'anitsitsa ndithu, koma pomaliza sanasiyane ndi ana amene sanamvepo Chitchaina n'komwe.

Wina anganene kuti amenewo anali makanda. Nanga wa zaka ziwiri? Mu 1998, Georgene Troseth ndi Judy DeLoache anayesa ana a msinkhu umenewu. Munthu ankabisa chidole m'chipinda mwana akuonerera, kenaka mwanayo ankalowa kukachifuna. Ana amene anaonera kubisako pawindo ankachipeza mosavuta. Koma amene anaonera zomwezo pa kanema, ambiri ankasokonezeka, kufunafuna malo olakwika. Ana a zaka ziwiri ndi theka ndiwo ankakhoza. Izi zikutiuza kuti mwana wamng'ono amavutika kulumikiza chithunzi chimene akuona pagalasi ndi chinthu chenicheni chimene angachigwire. Luso limeneli limabwera pang'onopang'ono pamene akukula.

Kafukufuku wachitatu ndi amene amaonetsa pamene pagona nkhani. Mu 2014, Sarah Roseberry, Kathy Hirsh-Pasek ndi Roberta Golinkoff anaphunzitsa ana a miyezi 24 mpaka 30 mawu atsopano m'njira zitatu: maso ndi maso, pafoni yoonana imene munthu amamuona mwana ndi kumuyankha, ndiponso pa vidiyo yojambulidwa kale. Ana anaphunzira mawuwo m'njira ziwiri zoyambazo, koma osati pa vidiyo yojambulidwa. Galasi linali lomwelo. Chosiyana chinali chakuti kwinako kunali munthu woyankha.

N'chifukwa chake bambo amene ali ku Joni akaimba foni yoonana pa WhatsApp, kumutchula mwana dzina, kumufunsa mphuno ili pati ndi kuseka akaloza, zimenezo sitiziika m'gulu limodzi ndi katuni. Bungwe la madokotala a ana ku America, m'malangizo ake a 2016, linanena kuti ana osakwana miyezi 18 asamaonere kanema, koma linapatulapo kucheza kotereku.

Mwana amene amayimba manambala a Chingerezi kuchokera wani mpaka teni amasangalatsa, ndipo palibe cholakwika ndi kuyimbako. Koma muyeseni motere: ikani masipuni asanu pamphasa, mumuuze kuti, "Ndipatse masipuni awiri." Nthawi zambiri amakupatsani imodzi kapena kukokolola onse. Nyimbo waigwira, koma tanthauzo la "awiri" limadza pogwira zinthu, kupatsa munthu, ndi kumva munthuyo akuti, "Iyi ndi imodzi, onjezera ina." Ana ambiri amafika pomvetsa zimenezi chakumapeto kwa chaka chachitatu kapena kupitirira, choncho akalephera musadandaule. Chongofunika kudziwa n'chakuti kuloweza ndi kumvetsa ndi zinthu ziwiri.

Kupatsana mpata

Kucheza kumene kumamanga chilankhulo kuli ngati anthu awiri osinja mumtondo umodzi: musi wina ukamatsika wina ukukwera, ndipo aliyense amadikira mnzake. Mwana amaloza nkhuku n'kunena kuti "ku". Mayi amayang'ana komwe walozako n'kuyankha, "Eee, nkhuku. Nkhuku ikudya." Mwana amayang'ana mayi, kuyang'ananso nkhuku, n'kubwereza. Pakamphindi kameneka pachitika zambiri. Liwu lafika pa nthawi imene maso a mwana ali pa chinthucho, choncho sakufunika kulota kuti likutanthauza chiyani. Wamva liwu lonse m'malo mwa kachidutswa kamene iye ananena. Waphunziranso kuti akatulutsa mawu, munthu amatembenuka, ndipo zimenezi zimamupatsa chilakolako choyesanso.

Zinthu ziwiri m'nyumba zimadula kupatsana kumeneku mwakachetechete. Choyamba ndi kanema woyaka tsiku lonse ngakhale palibe amene wakhalira pansi kuti aonere. Mu 2008, Marie Schmidt, Daniel Anderson ndi anzawo anaika ana 50 a miyezi 12, 24 ndi 36 m'chipinda cha zidole kwa ola limodzi. Theka la olalo kanema anali woyaka, akuonetsa pulogalamu ya akuluakulu. Anawo ankangoponyako maso mwa apo ndi apo, komabe masewera awo ankadukizadukiza ndipo sankakhalitsa pa chidole chimodzi ngati mmene ankachitira kanema atazimitsidwa. Akuluakulu nawonso kanema akayaka amalankhula ndi mwana mochepa. Chachiwiri ndi foni ya kholo lenilenilo. Mwana akaloza chinthu n'kutembenuka kuti aone ngati mwaona, koma apeza maso anu ali pa uthenga, mpata uja wadutsa. Kamodzi sikanthu. Zikakhala za tsiku ndi tsiku, mwana amachepetsa kuloza.

Muyezo wake

Mu 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa malangizo okhudza ana osakwana zaka zisanu. Khanda losakwana chaka, komanso mwana wa chaka chimodzi, asamakhazikidwe kuti aonere kanema kapena foni. Wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapitirire ola limodzi patsiku, ndipo kuchepetsapo n'kwabwino koposa. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amafunika mphindi 180 patsiku zoyenda, kuthamanga, kukwera ndi kusewera, zomwazikana tsiku lonse, komanso tulo ta maola 11 mpaka 14 kuphatikizapo ta masana. Asamangiriridwe malo amodzi, kaya pampando kaya kumsana, kopitirira ola limodzi nthawi imodzi.

Malangizowa sakunena kuti mwana amene waonera katuni paulendo wautali wa pabasi wawonongeka. Kafukufuku wochuluka amaonetsa kuti ana oonera kwambiri amakonda kuchedwerapo kulankhula, koma mbali ina n'kutheka kuti mwana wovuta kutonthola kapena wochedwa kale ndi amene amapatsidwa foni kawirikawiri. Chodziwika bwino n'chakuti tsiku la mwana lili ndi maola owerengeka, ndipo maola amene foni yatenga yawachotsa ku tulo, ku kuthamanga kapena ku kucheza.

Zidole za m'nyumba momwemo

Kodi makapu ndi zitini zingachitedi kanthu? Umboni wamphamvu unachokera ku Kingston m'dziko la Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, Sally Grantham-McGregor ndi anzake anayamba kutsatira ana 129 opinimbira a miyezi 9 mpaka 24 ochokera m'mabanja osauka. Ena mwa anawa ankayenderedwa ndi mlangizi wa zaumoyo kamodzi pamlungu kwa zaka ziwiri. Mlangiziyo ankabwera ndi zidole zopanga pamanja ndi timabuku ta zithunzi, n'kumuonetsa mayi mmene angasewerere ndi kulankhula ndi mwana wake. Patapita zaka pafupifupi 20, ofufuza anawapezanso anawo ali akuluakulu, ndipo zotsatira zimene zinafalitsidwa mu 2014 zinaonetsa kuti oyenderedwa aja ankapeza ndalama zochulukirapo ndi 25 pa 100 poyerekeza ndi anzawo opinimbira amene sanayenderedwe. Nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti kuno ku Malawi ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Chakudya n'chofunika, ndipo pambali pake pamafunikanso munthu wosewera ndi mwanayo.

Tiyerekeze banja lina

Tiyerekeze mwana wamkazi wa miyezi 22 m'banja la m'tauni. Mayi amakazinga mandasi m'mawa n'kumagulitsa pakhomo, bambo amabwera madzulo, ndipo pali mchimwene wake wa zaka zisanu ndi ziwiri. Mukamufunsa mayiyu kuti mwana amaonera nthawi yaitali bwanji, adzati, "Pang'ono chabe." Sakunama, kungoti sanawerengepo. Choncho choyamba ndi kulemba kwa masiku awiri kapena atatu nthawi iliyonse imene foni yapita m'manja mwa mwana, ndi chimene chinachititsa.

Papepala pakutuluka izi. Pakudya phala m'mawa, mphindi 20, chifukwa popanda katuni satsekula pakamwa. Pophika chamasana, mphindi 40. Pophika chamadzulo, mphindi 45. Zonse pamodzi ndi ola limodzi ndi mphindi 45, kwa mwana amene sanakwanitse zaka ziwiri. Pamwamba pa izi, kanema wa pabalaza amayaka kuyambira 6 koloko mpaka 9 koloko usiku, ndipo mwana amagona mochedwa pampando, phokoso lili m'makutu.

Pepalali likuonetsa kuti foni ikugwira ntchito zitatu: kudyetsa, kulera pamene mayi ali pamoto, ndi kugoneka. Kungoilanda popanda choikapo m'malo mwake kumathera m'misozi, ndipo pofika tsiku lachitatu foni imabwerera. Njira yotheka ndiyo kutenga ntchito imodzi pamlungu.

Mlungu woyamba ndi wa phala. Mwana wodya akuonera amangoyasamula ngati sakudziwa kuti akudya, samva bwino kuti wakhuta, ndiponso sayesa kudzidyetsa. Mayi amukhazike moyang'anizana naye, amupatse sipuni yakeyake pamene iye wagwira ina, ndipo mchimwene wake adyere pomwepo, pakuti mwana amadya bwino akaona mnzake akudya. Mawu ake ndi a pomwepo: "Phala latentha, tiuzire. Fuu! Uzira nawenso." Masiku oyamba akhoza kudya pang'ono ndi kulirira foni. Musamukakamize kapena kumuopseza. Chotsani mbale, mumupatse nthochi kapena mbatata pakapita kanthawi. Mwana wathanzi sadzipha ndi njala chifukwa cha katuni. Koma ngati sikelo yake inatsika kale, kambiranani ndi azaumoyo za kadyetsedwe musanasinthe.

Mlungu wachiwiri ndi wa nthawi yophika, ndipo apa m'pamene pali ntchito. Mayi akonze kadengu kamene kazituluka pa nthawi yophika yokha. Muikemo makapu apulasitiki atatu osiyana kukula, chivundikiro cha poto, chipande, zitsononkho zisanu zoyera, chigoba cha majarini chotsuka bwino ndi kansalu. Yalani mphasa pamalo pamene mukuonana naye, koma patali ndi mbaula ndi mafuta otentha, moti sangafikepo musanamugwire. Kadenguka kakamabisidwa nthawi zina, sikatha kukoma.

Mwana wa msinkhu uwu amayamba ndi kuthira ndi kukhuthula. Amaponya zitsononkho m'chigoba, kukhuthula, kuponyanso, mwina kakhumi. Kwa wamkulu zimaoneka zopanda mutu, koma iye akuphunzira za mkati ndi kunja, kudzaza ndi kutha, ndiponso akulimbitsa zala. Ntchito ya mayi, mthiko uli m'manja, ndi zinthu zinayi. Ayang'ane chimene mwana akuchita. Achitchule. Adikire, ngati kuwerenga mpaka zisanu mumtima. Kenaka ayankhe chimene mwana wanena, n'kuwonjezerapo liwu limodzi kapena awiri.

Zimamveka motere. Mwana wakhuthula chigoba.

"Khuthu! Zatayika," akutero mayi, n'kukhala chete.

Mwana akusuzumira m'chigoba. "Tha."

"Zatha, eti? Zatha zonse. Ikamonso."

Mwana akunyamula chitsononkho, kuwaonetsa.

"Chitsononkho. Chachikulu chimenecho. Nanga kakang'ono kali kuti?"

Kudikira kuja ndi kumene kumavuta akuluakulu. Timafulumira kudzaza bata ndi mawu athu, pamene mwana amafuna timphindi kuti akonze yankho. Onaninso kuti mayiyu sanamudzudzule mwana kuti walakwitsa ponena kuti "tha". Wangobweza liwu lathunthu. M'kucheza kotereku ndi mmene mwana amatolera kagwirizanidwe ka mawu a Chichewa, kuti timati kapu yaikulu koma kakapu kakang'ono, popanda womuphunzitsa lamulo.

Kuthira kukayamba kumutopetsa, makapu atatu aja ali ndi phunziro lina. Mulekeni ayese kuwalowetsa ina mkati mwa inzake. Adzakankha yaikulu m'yaing'ono, kukanika, kukwiya, kutembenuza. Musamulande kuti mumukonzere. Nenani chabe, "Yakana. Tayesa inayo." Akakhoza muuzeni chimene wachita: "Yalowa! Waika yaing'ono m'kati." Kulimbana ndi chinthu chokana kwa mphindi ziwiri kapena zitatu ndiko kumamuzoloweza kupirira, chinthu chimene vidiyo yosintha zithunzi mwachangu simupatsa mpata wochita. Kenaka vundikirani chitsononkho ndi kapu imodzi iye akuona, mufunse kuti chapita kuti. Akazolowera, gwiritsani makapu awiri, kenaka atatu, ndipo nthawi zina mulole kuti iye abise, inu mufune.

Chakumapeto kwa chaka chachiwiri masanje amayamba okha. Chitsononkho chokulungidwa m'kansalu chimasanduka mwana, chivundikiro chimasanduka mbale. Mwana akamatakasa m'kapu yopanda kanthu n'kukupatsani kuti mulawe, lawani ndithu: "Mmm, ndiwo zakoma. Mwathira mchere, amayi?" Chinthu chimodzi kuimira china ndi maziko omwewo amene pambuyo pake adzamuthandiza kumvetsa kuti chilembo chimaimira liwu. Mupatseninso ntchito zenizeni zomuyenera, monga kuika tomato m'mbale, kuthothola masamba a chisoso kapena kupereka mbale kwa mchimwene wake.

Musayembekezere kuti akhala pamphasa mphindi 45. Pamsinkhu uwu mphindi zisanu kapena khumi pa chinthu chimodzi n'zambiri. Akatopa, mchimwene wake amutenge panja pamene wamkulu akuwaona, akamenye mpira wachikulunga, kuumba ng'ombe zadothi kapena kuthamangitsana. Kumeneko ndi kumene mphindi 180 zija zimakwanira.

Mlungu wachitatu ndi wa madzulo, ndipo umafuna bambo. Banja ligwirizane kuti ola lomaliza mwana asanagone kanema azizima, kapena mwana azichoka pabalaza. Kuwala ndi phokoso zimachedwetsa tulo, ndipo mwana wosagona mokwanira ndi amene mawa lake amavuta mpaka kupatsidwanso foni. Ndondomeko ikhale imodzimodzi tsiku lililonse: kusamba, kudya, buku kapena nthano, kugona. Ngati buku palibe, dulani makatoni anayi, mumatepo zithunzi za pakalendala yakale kapena pamapaketi, monga nkhuku, basi, sopo ndi mwana, n'kusoka m'mbali ndi ulusi. Bambo amuike pamwendo, asiye mwanayo atsekule yekha masamba ngakhale mobwerera m'mbuyo. "Ichi n'chiyani? Basi. Ikulira bwanji? Ifenso tinakwera basi popita kwa agogo." Nthano zathu nazonso zinapangidwa mopatsana mpata: wofotokoza akati "Padangokhala", omvera amavomera "Tili tonse", ndipo mwana wa zaka ziwiri amakondwa kwambiri kuvomera nawo.

Zimene zimasokoneza

Kulira kwa masiku oyamba ndi kumene kumagonjetsa makolo ambiri. Mwana akadzigwetsa pansi n'kupatsidwa foni, waphunzira kuti kudzigwetsa kumabweretsa foni, ndipo mawa adzalira mokweza kuposa lero. Khalani naye pafupi, mutchule chimene chikumuvuta, "Wakwiya, umafuna foni. Foni yapita kukagona," ndipo akayamba kutsika mtima mumuonetse chochita china. Foni ikhale pamalo posaoneka, osati m'manja mwanu. Mukapirira osasinthasintha, kulirako kumachepa pakapita masiku.

Chachiwiri ndi kusagwirizana kwa akuluakulu. Mayi akaletsa koma azakhali, agogo kapena mtsikana wantchito akupereka, mwana amangodziwa kwa kopempha. Wolera mwana asangouzidwa kuti foni ayi. Muonetseni kadengu kaja ndi kaseweredwe kake, ndipo muonenso ntchito zimene mwamusiyira. Munthu amene akuyenera kuchapa, kukolopa, kuphika ndi kutunga madzi asanakwane masana adzamupatsa mwana kanema, ndipo mlandu si wake yekha. Mukamasankha sukulu ya mkombaphala, pitaniko nthawi ya m'mawa mosayembekezeka, muone ngati ana akusewera ndi kulankhulitsidwa kapena angoikidwa patsogolo pa kanema.

Chachitatu ndi kusandutsa masewera kukhala mayeso. "Ichi n'chiyani? Nena! Mtundu wanji uwu?" Mafunso akachuluka mwana amangochokapo. Pa funso limodzi pazikhala ziganizo zingapo zongofotokoza chimene iye akuchita.

Chachinayi ndi ngozi, ndipo apa pasakhale kunyengerera. Mwana wosakwana zaka zitatu amaika chilichonse m'kamwa. Nyemba, chimanga, mtedza, mikanda, timiyala, ndalama zachitsulo ndi zitsekerero za mabotolo zingamutsamwe. Chinthu chimene chingalowe m'kachubu ka pakati pa pepala la kuchimbudzi n'chaching'ono kwambiri kwa iye. Timabatire tozungulira ta m'mawotchi ndi m'zidole zoyimba n'toopsa koposa: mwana akameza kamodzi, thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale akuoneka bwino, chifukwa kamawotcha kum'mero m'maola ochepa. Zitini zikhale zopanda m'mbali mwakuthwa, majumbo akhale kutali, ndipo botolo limene munali mankhwala, parafini kapena mankhwala a mbewu lisasanduke chidole. Kusewera ndi madzi n'kwabwino, koma mwana akhoza kumira m'ndowa kapena m'beseni la madzi ochepa, choncho wamkulu asachokepo, ndipo mukatha tayani madziwo.

Akakwanitsa zaka ziwiri

Mabanja ambiri sadzachotseratu kanema, ndipo kwa mwana wopitirira zaka ziwiri zimenezo zingatheke bwino mukaika malire. Sankhani nokha pulogalamu imodzi yaifupi, yoyenda modekha, ya nkhani yomveka. Ionereni kaye musanamupatse, makamaka ngati mavidiyowo anakuikirani ena pa memore khadi. Pa YouTube zimitsani Autoplay kuti vidiyo ina isayambe yokha. Muuzeni zisanayambe kuti, "Tionera imodzi, ikatha tikathirira maluwa," ndipo chitani zomwezo. Khalani naye, muziloza ndi kufunsa, kenaka mutulutse nkhaniyo pagalasi: ngati munaona bakha akusambira, kafuneni bakha weniweni kapena yandamitsani chivundikiro m'beseni. Pakudya ndi pogona foni isapezekepo.

Mmene mungadziwire

Pakatha milungu ingapo, yang'anani zinthu zooneka. Kodi mwana akuloza zinthu kuti inu muone? Akubwera ndi zinthu kudzakuonetsani? Akukhalitsa pa sewero limodzi kuposa kale? Mawu atsopano akutuluka? Akugona msanga? Lembani mawu amene amanena kuseri kwa kope, ngakhale osamveka bwino, mufananize mwezi ndi mwezi. Mawu a Chichewa, a Chiyao, a Chitumbuka kapena a Chingerezi onse awerengedwe pamodzi, pakuti kukula ndi zilankhulo ziwiri sikuchedwetsa mwana kulankhula.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kudikira. Mwana wa chaka chimodzi amene satembenuka mukamuitana dzina, wa miyezi 18 amene saloza chinthu ndipo alibe mawu ngakhale ochepa, wa zaka ziwiri amene salumikiza mawu awiri monga "amama madzi", kapena mwana aliyense amene wasiya mawu ndi luso limene anali nalo, apite naye kuchipatala. Musangoti ndi foni, ndiponso musangoti akuchedwa ngati atate ake. Pemphani kuti amuyeze makutu, makamaka ngati amatuluka mafinya m'khutu kapena anadwalapo malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Mwana wosamva bwino akhoza kukonda kanema chifukwa zithunzi sizifuna makutu, ndipo kuchotsa foni kokha sikungamuthandize. Mukapita kusikelo mwezi uno, musangokweza mwana pasikelo n'kubwerera. Auzeni azaumoyo mawu amene mwana wanu amanena ndi zimene amachita posewera, chifukwa vuto la kumva kapena la kakulidwe likadziwika msanga, thandizo lake limagwira bwino kuposa likadikira mpaka mwana atayamba sitandade wani.